Ntchito imodzi, woyankha mmodzi: mafunso ndi mayankho pa tchati cha RACI

Pulojekiti ikamayamba m'bungwe, pakampani kapena ku ofesi ya boma, anthu amakhala pansi n'kujambula tchati chosonyeza kuti ndani achita chiyani. Chodziwika kwambiri mwa matchati otere ndi cha RACI. Kuchijambula sikutenga nthawi, koma chili ndi lamulo limodzi limene limaphwanyidwa kawirikawiri: pa ntchito iliyonse, woyankha akhale mmodzi. Oliphwanya nthawi zambiri si aulesi ayi. Amatero pofuna kusunga ulemu, ndipo zotsatira zake zimadzaoneka mochedwa, ntchito itaima kale.

Kodi tchati cha RACI n'chiyani, ndipo chimalembedwa bwanji?

Ndi tebulo wamba, loti mutha kulijambula pa pepala kapena pa kompyuta. Kumanzere, kutsika pansi, mumalemba ntchito zonse zofunika kuchitika. Pamwamba, mopingasa, mumalemba maudindo a anthu okhudzidwa. Pamene mzere wa ntchito wakumana ndi mzere wa munthu pamakhala kabokosi, ndipo m'kabokosimo mumaika chilembo chimodzi mwa zinayi. Pa kompyuta mudzaziona zitalembedwa kuti Responsible, Accountable, Consulted ndi Informed.

Wa R ndi amene amagwira ntchitoyo ndi manja ake. Wa A ndi mwini ntchito, amene amagamula pakakhala kusamvana, amavomereza kuti ntchito yatha, ndipo ndiye amayankha ikalephereka. Wa C ndi amene amafunsidwa nzeru chiganizo chisanapangidwe, ndipo kukambirana naye kumakhala kwa mbali ziwiri: mumafunsa, iye n'kuyankha. Wa I amangodziwitsidwa zinthu zikachitika, ndipo palibe amene amadikira yankho lake.

Pa mzere umodzi a R atha kukhala angapo, a C ndi a I nawonso. Koma A amakhala mmodzi. Ngakhale buku la PMBOK, limene bungwe la Project Management Institute la ku America limaphunzitsira oyendetsa mapulojekiti, limanena kuti chimodzi mwa zolinga za tchati chotere n'chakuti ntchito iliyonse ikhale ndi woyankha mmodzi, kuti pasakhale chisokonezo pa yemwe ali ndi mawu omaliza.

R ndi A akuoneka ngati amodzimodzi. Akusiyana pati?

Njira yachidule yowasiyanitsira ndi kufunsa mafunso awiri. Loyamba: ntchitoyi ikachedwa, mkulu wa bungwe aimbira foni ndani? Lachiwiri: anthu awiri akatsutsana pa momwe ichitikire, ndani anganene kuti "tichite chonchi" nkhani n'kuthera pomwepo? Mayankho a mafunso awiriwa ayenera kuloza munthu mmodzi yemweyo, ndipo ameneyo ndiye A.

Tengani lipoti la miyezi itatu lopita kwa othandiza ndi ndalama. Amene amasonkhanitsa ziwerengero ndi kulemba ndi a R. Amene amaliwerenga, n'kulibweza ngati lili ndi zolakwika, n'kunena kuti tsopano litumizidwe, ndi A. Lipotilo likapita ndi ziwerengero zabodza, A sanganene kuti "si ine ndinalemba". Ntchito ya R itha kugawidwa, itha kupatsidwa kwa wina mawa lomwe. Kuyankha sikugawika chotero. Mutha kutuma munthu kuti akugwirireni ntchito, koma simungamutume kuti akayankhe m'malo mwanu.

Pa ntchito zing'onozing'ono munthu mmodzi amakhala zonse ziwiri, ndipo m'kabokosi mumalembedwa A/R. Palibe cholakwika pamenepo.

Chimachitika n'chiyani kwenikweni a A akachuluka pa ntchito imodzi?

Tiyerekeze bungwe limene likuthandiza mabanja 500 ndi mbewu ya soya, banja lililonse makilogalamu 20, kutanthauza matani 10. Mbewuyo iyenera kukhala m'manja mwa alimi mvula yobzalira isanagwe, tinene pofika pakati pa Novembala. Pa tchati pali mzere umodzi wakuti "Kugula mbewu". Pojambula tchaticho, mkulu wa pulojekiti anati A ndi wake chifukwa alimiwo ndi a pulojekiti yake. Mkulu wa zachuma anati ndalama sizituluka popanda iye. Mkulu wa zogula anati kugula ndiyo ntchito imene anamulembera. Onse atatu ankanena zoona, ndipo pofuna kuti msonkhano uthe mwamtendere, onse anapatsidwa A. Kalaliki wa zogula anapatsidwa R.

Sabata yoyamba ya Okutobala kalaliki abweretsa makotesheni atatu, aliyense wogwira ntchito kwa masiku 14. Wotsika mtengo kwambiri ndi wa mbewu yopanda chiphaso. Wachiwiri ndi wa mbewu yovomerezeka, yokhala ndi chizindikiro chake pa thumba, koma ndi wokwera ndi K15 pa K100 iliyonse. Wachitatu ndi wokwera kuposa onse.

Mkulu wa pulojekiti auza kalaliki kuti alembe oda kwa wachiwiri, chifukwa mbewu yopanda chiphaso itha kukana kumera. Mkulu wa zachuma ataona pepalalo alibweza, nati ndondomeko imafuna wotsika mtengo pokhapokha patalembedwa chifukwa chomveka, ndipo bajeti silola mtengo wachiwiriwo. Mkulu wa zogula anena kuti iye asaina awiriwo akagwirizana. Kalaliki tsopano ali ndi malangizo atatu ochokera kwa mabwana atatu ofanana mphamvu pa mzere umenewu, ndipo chimene angachite popanda kulakwira aliyense ndi kuika fayilo pa tebulo n'kudikira.

Onani kuti mpaka pano palibe wachita zoipa. Kusamvana kotere n'kwabwino, ndiponso n'kumene bungwe limalembera anthu a maluso osiyana. Vuto lili pa zimene zikutsatira. Mkulu wa pulojekiti apita ku midzi kukalemba mayina a alimi, akudziwa kuti iye wanena kale mbali yake. Mkulu wa zachuma atanganidwa ndi kutseka mabuku a mwezi, akudikira kalata yofotokoza chifukwa chosiyira wotsika mtengo, imene palibe wauzidwa kuti ailembe. Mkulu wa zogula akudikira onse awiri. Aliyense akuganiza kuti nkhaniyo ili m'manja mwa mnzake. Masiku 14 atha, makotesheni afa. Pofunsanso ena, nyengo yayandikira, ofuna mbewu achuluka, mtengo wakwera, ndipo wogulitsa wachiwiri uja wagulitsa kale gawo la katundu wake kwa ena. Mbewu ifika Disembala ali kumapeto, minda ya anthu ena itabiriwira kale.

Ndiye pamabwera msonkhano wofufuza chimene chinalakwika. Aliyense mwa atatu aja ali ndi imelo yosonyeza kuti anayankha pa nthawi yake, ndipo imelo iliyonse ndi yoona. Amene alibe chodzitetezera ndi kalaliki, chifukwa fayilo inapezeka pa tebulo lake. Ichi ndicho chimandipweteka kwambiri pa matchati a A ambiri: mlandu umene akuluakulu agawana mpaka kutha umakathera pa munthu wamng'ono amene analibe mphamvu yogamula chilichonse.

Koma anthu atatuwa ndi odziwa ntchito. Bwanji panalibe mmodzi woti n'kuimirira n'kuithetsa nkhaniyo?

Pali zifukwa ziwiri, china cha mumtima mwa munthu, china cha kayendetsedwe ka ntchito.

Cha mumtima chinaonetsedwa bwino mu 1968 ndi akatswiri awiri a ku America, John Darley ndi Bibb Latané. Anaika ophunzira a pa yunivesite aliyense m'chipinda chake, akulankhulana ndi anzawo pa makina, kenako n'kuwamvetsa mawu a munthu amene ankamveka ngati wagwa khunyu ndipo akupempha thandizo. Mwa ophunzira amene ankaganiza kuti akumva okha, 85 pa 100 aliwonse anathamanga kukanena munthuyo asanasiye kulankhula. Mwa amene ankaganiza kuti pali anthu ena anayi akumvanso, amene anatero anali 31 okha pa 100 aliwonse. Ambiri mwa osathamangawo sanali ouma mtima, ankaoneka ovutika maganizo ndithu. Kungodziwa kuti pali ena kunawachotsera chikakamizo chakuti "ndikapanda ine, palibenso wina". Ofesi si chipinda cha kafukufuku, ndipo fayilo ya mbewu si munthu wodwala, koma kuganiza kwake n'kofanana. Mukalemba A katatu pa mzere umodzi, mwauza aliyense mwa atatuwo kuti pali ena awiri.

Cha kayendetsedwe n'chakuti aliyense wa A ali ndi mphamvu yoimitsa ntchito, koma palibe amene ali ndi mphamvu yoiyendetsa payekha. Mmodzi akakana, zaima. Kuti ziyende, onse atatu ayenera kuvomera pa nthawi imodzi, pa chinthu chimodzi. Mkulu wa pulojekiti akanalamula kuti oda ipite, akanakhala kuti walowerera udindo wa anzake awiri, ndipo iye ankadziwa zimenezo. Choncho kusachita kanthu ndiko kunali kotetezeka kwa aliyense.

Palinso mbali ina imene imaoneka pakapita nthawi. Ogwira ntchito akazindikira kuti mabwana ndi atatu, amaphunzira kusankha wopita kwa iye. Wofuna kuti chinthu chidutse msanga amapita kwa bwana wofewa, n'kukauza enawo kuti "abwana avomereza kale". Apa ndiye kuti a A atatu, amene ankayenera kulimbitsa chitetezo cha ndalama, atsegula khomo limene silikanakhalapo akanakhala mmodzi.

Nanga si paja amati mutu umodzi susenza denga? Kupatsa munthu mmodzi mawu omaliza si kupha mgwirizano?

Mwambiwo ndi woona, ndipo tchati cha RACI sichitsutsana nawo. Amene anaonapo denga la nkhokwe likukwezedwa akudziwa kuti osenza amakhala ambiri, koma wonena kuti "tiyeni, kwezani, tsitsani mbali iyo" amakhala mmodzi. Akafuula atatu nthawi imodzi, denga limapendekeka ngakhale osenza ali amphamvu. Osenzawo ndi a R, ndipo atha kuchuluka momwe ntchito ikufunira. Odziwa kumanga amene anafunsidwa denga lisananyamulidwe ndi a C.

Mgwirizano weniweni pa tchatichi uli mu chilembo cha C, ndipo C si ulemu wongopatsa munthu kuti asadandaule. Ndi lamulo kwa A: usagamule usanamve uyu. Wa A amene wagamula osafunsa wa C waphwanya tchati mofanana ndi wa R amene sanagwire ntchito. Chimene C alibe ndi mphamvu yoimitsa ntchito mpaka kalekale. Amapatsidwa tsiku loti akhale atayankha, maganizo ake amalembedwa, ndipo A akasankha njira ina amalemba chifukwa chake.

Ndiye mzere wa mbewu uja tiukonza bwanji? Tingofufuta ma A awiri?

Kufufuta kokha sikuthandiza, chifukwa atatu aja ankanena zoona: aliyense analidi ndi chiganizo chake choti apange. Pamene anthu angapo akulimbirana A ndipo aliyense ali ndi mfundo yomveka, kawirikawiri ndiye kuti mzerewo ndi waukulu kwambiri, wabisa ntchito zingapo pansi pa dzina limodzi. Mankhwala ake ndi kuung'amba potsata ziganizo zimene zili m'kati mwake. Mu "Kugula mbewu" muli mafunso osiyana: tikufuna mbewu yanji ndipo yochuluka bwanji, ndalama zilipo zingati, tigula kwa ndani, imene yabwerayi ndi yabwino kodi, ndipo tilipire kapena ayi.

Tchati chokonzedwa chitha kuoneka chonchi. MP ndi mkulu wa pulojekiti, MC mkulu wa zachuma, MZ mkulu wa zogula, KZ kalaliki wa zogula, AK akauntanti, ndipo ML ndi mlangizi wa zaulimi.

```
Ntchito                       MP   MC   MZ   KZ   AK   ML
Mbewu ifike kwa alimi 15 Nov  A    C    R    R    I    R
Mtundu ndi kuchuluka          A    I    C    I    -    R
Malire a ndalama              C    A    I    -    R    -
Kusankha wogulitsa            C    C    A    R    -    C
Kuvomereza mbewu ikafika      A    I    I    I    -    R
Kulipira                      I    A    I    -    R    -
```

Tsopano tiyendetsenso nkhani ija. Makotesheni asanafunsidwe, mlangizi alemba zofunika, mkulu wa pulojekiti n'kusaina: soya wa mtundu wakutiwakuti, wovomerezeka, matani 10. Chifukwa mawu akuti "wovomerezeka" alembedwa pachiyambi, kotesheni wa mbewu yopanda chiphaso agwa yekha, ndipo mkangano wa wotsika mtengo subuka n'komwe. Mkulu wa zachuma alemba malire a ndalama zimene zilipo. Mkulu wa zogula asankha pakati pa ogulitsa amene akwanitsa zofunika za mlangizi ndipo ali m'kati mwa malirewo, atamva a C ake pasanathe masiku atatu. Mbewu ikafika, mlangizi aona zizindikiro pa matumba n'kuyesa kameredwe: atenga njere 100 kuchokera m'matumba osiyanasiyana, azifesa pa mchenga wonyowa, n'kuwerenga zomera pakatha sabata kapena kupitirira pang'ono. Mkulu wa pulojekiti akavomereza zotsatirazo, mpamene mkulu wa zachuma amalola kulipira.

Mzere woyamba pa tchatichi ndi wofunika kuposa yonse, ndipo ndi umene anthu amaiwala akayamba kung'amba ntchito. Mukangogawa tizidutswa, mutha kudzapeza kuti aliyense wakwanitsa kachidutswa kake koma mbewu yafikabe mochedwa, chifukwa masiku anatayika pakati pa tebulo lina ndi linzake. Payenera kutsala munthu mmodzi woyankha pa chotsatira chonse, amene ntchito yake ndi kuyang'ana kalendala ndi kugogoda pa zitseko. Pano ndi mkulu wa pulojekiti. Mtengo wa mbewu yovomerezeka ukapitirira malire a ndalama, funso lakuti tichepetse makilogalamu pa banja kapena tipemphe kusuntha ndalama kuchokera ku gawo lina la bajeti ndi lake. Sangalamule mkulu wa zachuma kuti atulutse ndalama zimene kulibe, koma ndiye woyenera kupita nayo nkhaniyo kwa mkulu wa bungwe tsiku lomwelo, makotesheni akadali amoyo.

Kwathu malipiro amasainidwa ndi anthu awiri, ndipo zogula zazikulu zimadutsa ku komiti. Kodi amenewo si a A ambiri?

Ayi, ndipo malamulo amenewo musawakhudze. Siginecha yachiwiri pa malipiro ilipo kuti munthu mmodzi asathe kutulutsa ndalama payekha. Wosaina wachiwiri akuyankha funso lopapatiza: mapepala onse alipo, ndalama zikugwirizana ndi oda, katundu analandiridwa? Akasaina mwachinyengo kapena osawerenga, ayankha pa siginecha yakeyo. Koma malipiro akachedwa milungu itatu chifukwa iye anali kunja kwa ofesi, woyankha ndi mkulu wa zachuma, amene ankayenera kudziwa zimenezo n'kukonza kuti wosaina wina wovomerezeka apezeke. Ngati kuunikako n'kwakukulu, kupatseni mzere wakewake pa tchati, wokhala ndi A wake.

Komiti nayo imagamula monga gulu, motsata malamulo ake a kavotedwe. Koma komiti siimba foni, siyitanitsa msonkhano, sikumbukira kuti kotesheni afa Lachisanu. Pa tchati lembani A kwa wapampando, pa ntchito yoonetsetsa kuti komiti yakumana ndi kugamula pa nthawi yake. Mawu ngati "akuluakulu onse" kapena "gulu la zachuma" akalembedwa pamwamba pa mzere n'kupatsidwa A, ndi a A ambiri obisala m'kabokosi kamodzi.

Boma la Malawi limayendera mfundo yomweyi pa ndalama zake. Mu unduna muli makomiti a zogula, owerengera ndalama ndi osaina ambiri, koma lamulo limatchula munthu mmodzi woyang'anira ndalama za undunawo, amene kawirikawiri ndi mlembi wamkulu, ndipo ku khonsolo ya boma ndi bwanamkubwa. Lipoti la mkulu wofufuza za ndalama za boma likatuluka ndi mafunso, ndi iyeyo amene amakaonekera ku komiti ya Nyumba ya Malamulo yoona za kagwiritsidwe ntchito ka ndalama za boma, ngakhale kuti si iye analemba mavocha.

Nanga abwana akakhumudwa kuti tawachotsera A n'kuwapatsa C?

Apa mpamene matchati ambiri amawonongekera, pa msonkhano woyamba womwewo. Anthu amawerenga zilembozi ngati magiredi a mayeso, A pamwamba, enawo pansi, ndipo palibe wofuna kulemba C pa dzina la munthu wamkulu iye ali pompo. Ndiye wolemba amangowonjezera A wina, onse n'kumwetulira.

Chimene chimathandiza ndi kusayamba ndi zilembo. Yambani ndi funso, mofatsa, pamaso pa onse: "Bwana, mbewuyi ikapanda kufika pa 15 Novembala, kodi ndinu amene mudzafotokozere bodi ndi othandiza?" Ambiri amene ankafuna A akamva funsolo amanena okha kuti chimene akufuna ndi kufunsidwa chiganizo chisanapangidwe. Ameneyo ndi C, ndipo mwamupatsa chimene ankafunadi. Ngati ayankha kuti inde, ndipo ali ndi nthawi yotsatira ntchitoyo tsiku ndi tsiku, A ndi wawo, ndipo winayo atsike. Ngati awiri akukanirirabe, nkhaniyo si ya wojambula tchati. Ipite kwa amene ali pamwamba pa onse awiri, agamule ntchito isanayambe. Mkangano umene mwauthawa pa msonkhano wa Sepitembala mudzaupeza mu Okutobala, uli ndi makotesheni akufa m'manja.

Zimavutirapo pamene mabungwe awiri akugwira pulojekiti imodzi, chifukwa palibe bwana wa onse. Pamenepo pangano lawo lolembedwa liyenera kutchula bungwe lotsogolera pa gawo lililonse, ndi kumene nkhani ipite akalephera kumvana, ndi masiku amene ingakhale isanapite kumeneko.

Tingadziwe bwanji kuti tchati chathu chili ndi vutoli?

Poyamba werengani. Ngati tchati chili mu Excel kapena Google Sheets, ndipo zilembo za mzere wachiwiri zili kuyambira B mpaka G, lembani izi m'kabokosi ka kumapeto, n'kuzikokera pansi pa mizere yonse:

```
=COUNTIF(B2:G2,"*A*")
```

Yankho liyenera kukhala 1 pa mzere uliwonse, ndipo limawerenga ndi A/R yemwe. Pamene patuluka 2 kapena 3 pali vuto takambali. Pamene patuluka 0 pali ntchito yamasiye.

Koma pepala litha kukhala loyera pamene zochitika zili zina. Yesani chonchi: sankhani ntchito imodzi, funsani anthu atatu aliyense payekha kuti ndani ali ndi mawu omaliza pa ntchitoyo. Mukamva mayina awiri kapena atatu, kapena yankho lakuti "zimatengera", a A ndi ambiri ngakhale tchati chikunena zina. Mverani ndi mawu a m'makonde. "Tikudikira akuluakulu agwirizane." "Ine ndinasaina kale mbali yanga." "Ndimayesa zili kwa inu." Onaninso m'maminitsi a misonkhano ngati nkhani imodzi ikubwera katatu motsatizana ndi mawu akuti ikambidwabe, popanda dzina ndi tsiku pambali pake.

A C akachuluka amabweretsa kuchedwa kofananako. Mzere wokhala ndi a C asanu ndi awiri ndiye kuti wa R ayenda maofesi asanu ndi awiri asanayambe ntchito. Funsani za aliyense: kodi pali chimene akudziwa chimene chingasinthe chiganizochi? Ngati palibe, ndi wa I.

Kuti tisavutike, bwanji osangopereka ma A onse kwa mkulu wa bungwe? Ndi mmodzi, ndipo ndiye amayankha zonse kale.

Mwa masamu lamulo lasungidwa, mzere uliwonse uli ndi A mmodzi. Koma mukayang'ana tchaticho kutsika pansi pa dzina lake, mupeza ma A makumi anayi pa munthu mmodzi amene theka la mwezi amakhala ku misonkhano. Mafayilo aunjikana pa tebulo lake, ndipo amasaina zinthu zimene sanaziwerenge, chifukwa sangathe kudziwa kameredwe ka soya, mtengo wa matayala ndi mawu a m'lipoti zonse pamodzi. A ayenera kutsikira kwa munthu wotsikitsitsa amene ali ndi zinthu zitatu: akuidziwa ntchitoyo, ali ndi nthawi yoitsatira, ndipo ali ndi mphamvu yogamula.

Chachitatucho ndicho malire a tchati chonse. Tchati sichipereka mphamvu, chimangolemba mphamvu imene bungwe lapereka kale. Mukalemba A pa mkulu wa zogula koma malamulo a zachuma akuti chilichonse choposa ndalama zakutizakuti asaine ndi mkulu wa bungwe, ndiye kuti pa matani 10 a soya A weniweni ndi mkulu wa bungweyo, ndipo winayo mwamupatsa mlandu wopanda mphamvu. Pojambula tchati khalani ndi buku la malamulo a zachuma pambali, muone kuti ziwirizi zikunena chimodzi. Zikasiyana, sinthani tchati, kapena mkulu wa bungwe alembe kalata yopereka mphamvuyo mpaka pa malire otchulidwa.

Wa A akadwala kapena akapita ku tchuthi, si pamenepo pofunika wachiwiri?

Pofunika wogwirizira, osati A wachiwiri. Kusiyana kwake n'kwa nthawi: awiriwa sakhala ndi mphamvu tsiku limodzi. Mkulu wa zogula asanachoke alembe kwa onse a pa mzerewo kuti kuyambira Lolemba lakuti mpaka Lachisanu lakuti, wogamula pa kusankha wogulitsa ndi wakutiwakuti, ndipo amusiyire fayilo ndi masiku amene makotesheni akufa. Akabwerako asafukule zimene wogwirizira anagamula pokhapokha pali cholakwika chenicheni, chifukwa akatero kamodzi, ulendo wina wogwirizirayo adzangosunga mafayilo kudikira mwini wake. Pa matenda adzidzidzi sipakhala nthawi yolemba kalata, choncho dzina la udindo wogwirizira lilembedweretu m'munsi mwa tchati, ndipo mkulu wa bungwe ndiye alengeze tsiku limene wayamba kugwirizira. N'chifukwa chakenso pamwamba pa tchati timalemba maudindo osati mayina a anthu: munthu akasamutsidwa kapena kusiya ntchito, wolowa m'malo mwake amapeza mizere yake ikumudikira, ndipo pa tsiku lake loyamba wina amukhazike pansi n'kumuwerengera mzere uliwonse umene uli ndi A wake.